Supa ya wantchito: 12 peresenti timaiwerengera pa ndalama iti?



Ambiri mwa ife tinayamba geni tili tokha. Pano ena tili ndi wothandiza mu shopu, ena tili ndi anyamata awiri kapena atatu oyeretsa maofesi, ena tili ndi dalaivala wa veni. Tsiku limene mwalemba munthu woyamba ntchito, mwasenzanso udindo wa penshoni yake, imene kuno timangoti supa. Peresenti yake aliyense amaidziwa, ndi 12. Pamene anthu amasiyana mayankho ndi apa: 12 peresenti ya ndalama iti? Ya zonse zimene zalembedwa pa peyisilipi, kapena ya besiki yokha?

Ine ndili ndi kabizinesi koyeretsa maofesi ndi mawekishopu cha ku Naval Base ndi Kwinana Beach, ndipo malipiro a antchito anga ndimawerengera ndekha akauntanti asanaone. Yankho limene ndikufuna mulimvetse lero ndi lakuti si zonse, komanso si besiki ngati mmene timaidziwira kumudzi. Ili pakati, ndipo pali funso limodzi limene limakuthandizani kuipeza.

Zimene tinazolowera kumudzi

Amene munagwirapo ntchito ku Malawi mukukumbuka kuti chiyambire lamulo la penshoni la 2011, bwana amaika 10 peresenti ndipo wantchito amadulidwa 5 peresenti. A ku Zambia, ku NAPSA ndi 5 peresenti mbali iyi, 5 peresenti mbali inayo. Ndiye m'mutu mwathu penshoni ndi chinthu chosonkherana, ndipo pa peyisilipi timayembekezera mzere wa ndalama yodulidwa.

Kuno sizili choncho. Lamulo la Australia limakakamiza wolemba ntchito yekha. Wantchito sadulidwa kalikonse pokhapokha atapempha yekha. Ndalama ya supa ndi yapamwamba pa malipiro, imachoka m'thumba la bizinesi, ndipo simungaichotse pa malipiro amene munagwirizana pa ola. Mukati "ndikulipira $30 pa ola", munthuyo alandire $30 yake kuchotsa msonkho, supa ikhale payokha.

Peresentiyi yakhala ikukwera. Inali 9.5 mpaka pa 30 Juni 2021, inafika 10 pa 1 Julayi 2021, kenako yakhala ikukwera ndi theka chaka chilichonse mpaka 12 pa 1 Julayi 2025. Ngati mumagwiritsa ntchito sipuledishiti yakale imene wina anakupatsani, yang'anani kaye nambala imene ili m'menemo. Dziwaninso kuti peresenti imatsata tsiku lolipira, osati tsiku limene ntchito inagwiridwa. Ntchito ya mu Juni 2025 imene inalipidwa mu Julayi inagwera pa 12.

Ndalama yowerengerapo

Pa tsamba la ATO, ofesi ya misonkho, komanso m'mapulogalamu a malipiro, mudzaona mawu akuti `ordinary time earnings`, mwachidule `OTE`. Tanthauzo lake ndi ndalama zonse zimene munthu wapeza pa maola ake anthawi zonse. Mawu ofunika ndi akuti zonse ndi akuti maola anthawi zonse.

Choncho pa mzere uliwonse wa peyisilipi dzifunseni kuti: ndalama iyi ndalipirira maola ati? Ngati ndi ya maola anthawi zonse, ilowe, kaya ili ndi dzina lotani. Ngati ndi ya ovataimu, ituluke. Ngati si malipiro a ntchito n'komwe, koma mukungomubwezera ndalama imene anaonongera bizinesi yanu, itulukenso.

Apa ndi pamene besiki ya kumudzi imatisocheretsa. Kumudzi tikati besiki timachotsa alawansi iliyonse ndi zoonjezera zonse. Kuno zoonjezera zambiri zimalowa. Yoonjezera ya shifiti ya usiku imalowa. Yoonjezera ya Loweruka kapena Lamlungu imalowa ngati tsikulo lili m'maola ake anthawi zonse. Komishoni ya wogulitsa mu shopu imalowa. Malipiro a nthawi ya tchuthi kapena yodwala amalowa. Bonasi yothokoza ntchito yabwino imalowa, kupatula ngati ndi ya ovataimu yokhayokha.

Maola anthawi zonse ndi ati?

Simusankha nokha. Amatchulidwa mu awadi, ndiko kuti malamulo a malipiro ndi maola a mtundu wa ntchitoyo, kapena m'pangano lovomerezeka. Kwa wantchito wa tsiku ndi tsiku, nthawi zambiri amakhala maola 38 pa sabata. Koma awadi imanenanso masiku ndi nthawi imene maolawo angagwiridwe, ndiye ovataimu si kungopitirira 38 kokha. Munthu atha kulowa ovataimu chifukwa wapitirira malire a tsiku limodzi, sabata isanathe n'komwe.

Ife a ku Western Australia tili ndi kanthu kena koti tisamale. Ngati bizinesi yanu ndi kampani ya `Pty Ltd` yochita malonda, mumatsata awadi za dziko lonse, za Fair Work. Koma ngati mumachita bizinesi m'dzina lanu nokha, kapena ndinu ogwirizana awiri opanda kampani, mumakhala pansi pa malamulo a boma la WA, ndipo ofunsa ndi a Wageline. Anthu awiri oyeretsa maofesi mu msewu umodzi ku Medina atha kukhala pa awadi zosiyana. Peresenti ya supa ndi imodzi kwa onse, koma malire a ovataimu atha kusiyana, ndiye ndalama yowerengerapo isiyananso. Musangokopera za mnzanu.

Tiwerengere limodzi

Titenge wantchito wokhazikika, wa maola 38 pa sabata, wolipidwa pa masabata awiri aliwonse. Ndaika $30 pa ola ndi 15 peresenti ya usiku kuti masamu ayende mosavuta. Mitengo yeniyeni muione mu awadi yanu.

Pa masabata awiriwa wagwira maola anthawi zonse 76. Pa $30 ndi $2,280.

Mwa maola 76 amenewo, 16 anali a usiku. Yoonjezera ya usiku ndi $4.50 pa ola, ndiye pa maola 16 ndi $72.

Ndiye amatsogolera anzake awiri, choncho ali ndi alawansi ya ukapitawo ya $40.

Kasitomala wina anali ndi ntchito yadzidzidzi, munthu wathu n'kugwira ovataimu ya maola 10. Maola 6 pa $45 ndi $270, maola 4 pa $60 ndi $240. Ovataimu yonse ndi $510.

Tsiku lina anathira mafuta mu veni ya ntchito ndi ndalama yake, wabweretsa lisiti ya $85, mwamubwezera.

Mukaphatikiza zonse, ndalama imene yatuluka m'bizinesi kupita kwa iye, msonkho usanachotsedwe, ndi $2,987.

Tsopano tifunse funso lija mzere ndi mzere. $2,280 ndi ya maola anthawi zonse, ilowe. $72 ya usiku, maola ake ndi omwe aja 76, ilowe. $40 ya ukapitawo ndi ya udindo umene amausenza pa maola ake anthawi zonse, ilowe. $510 ndi ya maola a kunja kwa 76, ituluke. $85 si malipiro, ndi ndalama yake yomwe imene yangobwerera, ituluke.

```
OTE  = 2280 + 72 + 40 = 2392
supa = 2392 x 0.12    = 287.04
```

Yankho ndi $287.04. Taonani tsopano mmene anthu amaphonyera mbali ziwiri.

Wina amangotenga nambala yaikulu ya pansi, $2,987, n'kuchulukitsa ndi 0.12. Apeza $358.44. Walipira $71.40 yoposa zimene lamulo likufuna. Ngati masabata awiri aliwonse ali otere, pa malipiro 26 a chaka ndi $1,856.40 pa munthu m'modzi. Palibe amene angakumangeni chifukwa cholipira zambiri, ndipo ngati mwasankha kutero mwadala pofuna kusunga wantchito wabwino, zili bwino. Koma zikhale zosankha, osati zongochitika. Onaninso pangano lanu, chifukwa mapangano ena amanena okha kuti supa ilipidwe ngakhale pa ovataimu, ndipo pamenepo pangano ndilo lolamula.

Wina amati besiki ndi besiki, n'kutenga $2,280 yokha. Apeza $273.60. Yaperewera $13.44. Ikuoneka yochepa eti? Pa chaka ndi $349.44. Koma vuto lenileni si kukula kwa ndalamayo. Vuto ndi lakuti kuperewera kulikonse, ngakhale kwa madola ochepa, kumakulowetsani mu ndondomeko ya chindapusa, imene ndifotokoze pansipa. Ndiye pa zolakwika ziwirizi, choopsa ndi chaching'onocho.

Loweruka limodzi, mayankho awiri

Anthu ambiri amaganiza kuti ndalama iliyonse yokwera mtengo ndi ovataimu. Ayi. Tiyerekeze anthu awiri agwira Loweruka lomwelo, pa ntchito imodzi, ndipo onse alipidwa $45 pa ola. Woyamba ndondomeko yake ndi Lachiwiri mpaka Loweruka, ndipo awadi yake imalola Loweruka kukhala tsiku la maola anthawi zonse. Kwa iyeyu $45 yonse imalowa mu supa, pamodzi ndi yoonjezera yake. Wachiwiri anamaliza kale maola 38 Lachisanu, Loweruka wangobwera kudzathandiza. Kwa iyeyu ndi ovataimu, supa palibe.

Mtengo ndi umodzi, tsiku ndi limodzi, koma maola ndi a mitundu iwiri. N'chifukwa chake mu pulogalamu ya malipiro muzikhala mizere iwiri yosiyana, wina wa yoonjezera ya Loweruka, wina wa ovataimu ya Loweruka. Mzere uliwonse uli ndi kabokosi kosonyeza ngati supa iwerengeredwe pamenepo kapena ayi. Pulogalamu imangotsata zimene munachonga tsiku loyamba. Mukachonga molakwika, idzalakwitsa mokhulupirika sabata iliyonse mpaka wina adzaone.

Waganyu

Ambiri m'gulu lino timalemba anthu oti timangowaitana ntchito ikapezeka, amene pa fomu amalembedwa kuti `casual`. Iwowa m'awadi zambiri amalandira 25 peresenti yapamwamba, chifukwa alibe tchuthi cholipidwa. Yapamwambayi imalowa mu supa.

Pa chitsanzo chathu, $30 kuonjezera 25 peresenti ndi $37.50 pa ola. Akagwira maola 20 ndi $750, supa yake ndi $90. Amene angawerengere pa $30 yokha apeza $72, yaperewera $18 pa sabata imodzi yokha.

Pali nkhani yakale imene ikuyendabe, yoti munthu wolandira zochepera $450 pa mwezi salipiridwa supa. Lamulo limenelo linatha pa 1 Julayi 2022. Pano ngakhale munthu agwire shifiti imodzi pa mwezi, supa ilipo. Osiyana ndi achinyamata osafika zaka 18, amene amalipiridwa pokhapokha agwire maola oposa 30 pa sabata. Viza yosakhalitsa siichotsanso udindowu. Wophunzira wa kunja amene amakuthandizani pa wikendi ali ndi supa ngati wina aliyense.

Ndiye pali aja timati "ali ndi ABN yake, amanditumizira invoisi". Samalani pamenepa. Ngati pangano lanu kwenikweni ndi lolipira thukuta lake, amalipidwa pa ola, ndipo sangatume wina m'malo mwake, lamulo la supa limamuona ngati wantchito ngakhale ali ndi ABN. Supa mumawerengera pa mbali ya invoisi imene ndi ya ntchito ya manja ake, kuchotsa GST ndi mtengo wa zipangizo, ndipo imapita ku thumba lake la supa. Kumupatsa m'manja yoonjezera ya 12 peresenti sikuwerengedwa kuti mwalipira.

Mtengo umodzi pa maola onse

Pali chizolowezi china chimene ndimachiona kwambiri pakati pathu. Bwana amati, "Iwe usavutike ndi za ovataimu, ndizikupatsa $35 pa ola lililonse basi." Zimamveka zophweka, koma pa supa zimatha kukudyerani.

Ovataimu imatuluka mu masamu pokhapokha ikuoneka payokha, kuti maola anthawi zonse ndi awa, oonjezera ndi awa. Ngati palibe chimene chikutchula maola anthawi zonse, ATO imayang'ana maola amene munthuyo amagwira mwachizolowezi. Ngati amagwira 50 sabata iliyonse, ndiye 50 yonseyo itha kutengedwa ngati maola ake anthawi zonse. Maola 50 pa $35 ndi $1,750, supa yake ndi $210. Maola 38 okha akanakhala $1,330, supa $159.60. Kusiyana ndi $50.40 sabata iliyonse, chifukwa cha pepala limene silinalembedwe.

Ndiye lembani kalata ya ntchito yotchula maola, sungani taimushiti, ndipo pa peyisilipi ovataimu ikhale pa mzere wake. Mtengo umodziwo uyeneranso kufikira zonse zimene awadi ikulamula, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Mbali ya wantchito

Tanena kuti wantchito sakakamizidwa. Koma ena, makamaka achikulire amene anafika kuno mochedwa ndipo thumba lawo ndi laling'ono, amafuna kuonjezerapo. Pali njira ziwiri. Atha kuika kuchokera pa ndalama imene yadulidwa kale msonkho. Kapena atha kugwirizana nanu kuti gawo la malipiro lipite ku supa msonkho usanadulidwe, chimene mu pulogalamu chimalembedwa kuti `salary sacrifice`.

Tibwerere kwa munthu wathu uja. Wapempha kuti $100 pa masabata awiri aliwonse izipita ku supa msonkho usanadulidwe. Pali misampha iwiri.

Woyamba ndi kuchotsa $100 pa $2,392 n'kuwerengera 12 peresenti pa $2,292. Sizololedwa. Kuyambira pa 1 Januwale 2020, ndalama yowerengerapo imakhala yomwe ija isanachotsedwe kanthu. Inu mulipirabe $287.04.

Wachiwiri ndi kunena kuti, "Poti iye waika 100, ine ndingoonjezera 187.04 kuti ikwane." Sizololedwanso. Ndalama yake ndi yake, siyichepetsa udindo wanu. Ku thumba kuyenera kufika $387.04, ndiko kuti $287.04 yanu ndi $100 yake.

Chimene chimasintha ndi msonkho wake wokha, chifukwa umawerengeredwa pa malipiro ochepera ndi $100. Ku thumbako ndalama zonse ziwirizi zimadulidwa msonkho wa 15 peresenti polowa. Palinso malire a chaka, amene m'chaka cha 2025–26 ndi $30,000 mukaphatikiza ya bwana ndi ya iye mwini ya mtundu umenewu. Antchito athu ambiri safika pamenepo, koma wa ntchito ziwiri adziwe kuti malirewo ndi a munthu, osati a ntchito iliyonse.

Tsopano wina adzabwera n'kuti, "Bwana, muzindidula 5 peresenti ngati kumudzi." Musangoti chabwino. Mufunseni kuti 5 peresenti ya chiyani. Pa besiki ya $2,280 ndi $114. Pa $2,392 ndi $119.60. Pa malipiro onse pamodzi ndi ovataimu, amene ndi $2,902 tikachotsa ya mafuta ija, ndi $145.10. Mayankho atatu, ndipo lamulo silikusankhirani, chifukwa ndi zofuna zake. Ine ndimakonda kuti tilembe nambala ya madola, osati peresenti, tonse n'kusainira. Panganolo lipangidwe ntchito isanagwiridwe, chifukwa simungabwerere m'mbuyo kukasandutsa malipiro amene wawapeza kale.

"Pamodzi ndi supa" kapena "kuonjezera supa"

Mukamalemba munthu wa salale ya pa chaka, mawu awiriwa amasiyanitsa ndalama zambiri. Mukati $70,000 kuonjezera supa, salale ndi $70,000, supa ndi $8,400, bizinesi itulutsa $78,400.

Mukati $70,000 pamodzi ndi supa, musatenge 12 peresenti ya 70,000 n'kuchotsa. Peresenti ndi ya salale, osati ya phukusi lonse. Gawani ndi 1.12.

```
salale = 70000 / 1.12 = 62500
supa   = 62500 x 0.12 = 7500
```

Amene angachotse $8,400 amusiyira munthuyo $61,600 m'malo mwa $62,500. Wamuchepetsera $900 ya m'manja pa chaka. Poyesa ngati mwakhoza, chulukitsani salale ndi 0.12, muphatikize ndi salaleyo, ibwerere pa 70,000 ndendende.

Mukachedwa, maziko amasintha

Apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu, chifukwa nkhani ya besiki ndi zonse imatembenuka.

Mpaka pa 30 Juni 2026, supa imalipidwa pa miyezi itatu iliyonse. Masiku omaliza ndi 28 Okutobala, 28 Januwale, 28 Epulo ndi 28 Julayi. Pa tsikulo ndalama ikhale itafika ku thumba, osati itangochoka mu akaunti yanu. Makampani apakati amene amagawa ndalamazi ku matumba osiyanasiyana amatenga masiku angapo, ndiye kutumiza pa 27 n'kusewera ndi moto.

Mukachedwa, ngakhale ndi tsiku limodzi, kapena mukapereka yoperewera, muyenera kudzaza fomu ya `super guarantee charge` ku ATO. Ndipo chindapusachi sichiwerengeredwa pa maola anthawi zonse okha. Chimawerengeredwa pa malipiro onse, ovataimu ili momwemo.

Munthu wathu uja, tinene kuti pa miyezi itatuyo analipidwa maulendo 6, ulendo uliwonse chimodzimodzi. Mukalipira pa nthawi yake, ndi $2,392 kuchulukitsa ndi 6, imene ndi $14,352, supa yake $1,722.24. Mukaphonya yonse, maziko akhala $2,902 kuchulukitsa ndi 6, imene ndi $17,412, ndipo 12 peresenti yake ndi $2,089.44. Yakwera ndi $367.20 musanayambe n'komwe zina. Pamwamba pake pali chiwongoladzanja cha 10 peresenti pa chaka chowerengeredwa kuyambira tsiku loyamba la miyezi itatu ija, ndi $20 pa wantchito aliyense. Chopweteka kwambiri n'chakuti supa yolipidwa pa nthawi yake mumaichotsa pa phindu powerengera msonkho wa bizinesi, koma chindapusachi simuchotsa.

Kuno ku Kwinana izi zimatikhudza kwambiri, chifukwa ntchito za m'mafakitale zimabwera ndi nyengo. Fakitale ikaimitsa makina kuti akonzedwe, ovataimu imachuluka kwa milungu ingapo, kwa okonza, oyeretsa ndi onyamula katundu omwe. Nthawi yomweyo ndi imene ndalama imavuta, chifukwa antchito mwawalipira kale koma invoisi yanu sinalipidwe. Miyezi imene mungayesedwe kuchedwetsa supa ndi yomweyo imene kuchedwa kumadula kwambiri.

Musaganizenso kuti sizioneka. Nthawi iliyonse mukalipira antchito, pulogalamu yanu imatumiza manambala ku ATO kudzera pa `Single Touch Payroll`, ndipo matumba a supa nawo amanena zimene alandira. Wantchito amatha kuona yekha pa myGov kapena pa apu ya thumba lake. Eni kampani ya `Pty Ltd` adziwenso kuti ngongole ya supa itha kutsata dayilekitala mwini, osathera pa kampani.

Za 1 Julayi 2026

Kuyambira tsiku limeneli dongosolo la miyezi itatu likutha. Lamulo latsopano, limene akulitcha Payday Super, likufuna kuti supa izipita nthawi imene mukulipira malipiro, ndipo ifike ku thumba pasanathe masiku 7 a ntchito. Dzina la ndalama yowerengerapo likusintha kukhala `qualifying earnings`, koma mtima wake ndi womwe uja: maola anthawi zonse alowe, ovataimu ituluke. Kawerengedwe ka chindapusa nakonso kakusintha, ndiye masamu a chindapusa amene ndapereka pamwambapa ndi a miyezi ya m'mbuyo mwa tsikuli. Njira yaulere ya ATO yotumizira supa, Small Business Superannuation Clearing House, ikutsekedwanso nthawi yomweyo, choncho amene mumadalira imeneyo pezani ina msanga.

Kwa ife tanthauzo lake ndi lakuti mpata wokonza masamu kumapeto kwa miyezi itatu sukhalaponso. Mzere uliwonse ukhale wolondola pa tsiku lolipira. Amene munazolowera kugwiritsa ntchito ndalama ya supa kuodera katundu podikira pa 28, yambani pano kuipatula mu akaunti ina tsiku lomwelo la malipiro.

Poyesa peyisilipi yanu

Tengani peyisilipi imodzi ya munthu amene anagwira ovataimu. Gawani nambala ya supa ndi 0.12. Chimene chatuluka ndicho ndalama imene pulogalamu yawerengerapo. Pa chitsanzo chathu, 287.04 kugawa ndi 0.12 ndi 2,392.

Ngati yankho likufanana ndi malipiro onse, pulogalamu ikuwerengera ovataimu, mwinanso ndi ndalama zobweza. Ngati likufanana ndi maola kuchulukitsa ndi mtengo wa pa ola basi, pomwe munthuyo ali ndi za usiku, za Loweruka kapena komishoni, ndiye pali mzere umene sunachongedwe, ndipo mwakhala mukupereka yoperewera. Pamenepo musadikire. Werengerani m'mbuyo, lankhulani ndi akauntanti wanu, dzazani fomu ija nokha ATO isanakulembereni, chifukwa zilango zimakula akayamba ndi iwo.

Alawansi ndi imene imafuna maso kwambiri, chifukwa dzina lokha silinena kanthu. Ya udindo, ya luso kapena ya kuvuta kwa ntchito pa maola anthawi zonse imalowa. Imene mwapereka kuti munthu aiwononge yonse pa zofunika za ntchito siyilowa. Wantchito akamachoka, ndalama ya tchuthi chimene sanapite siyilowa, koma imene mwamupatsa m'malo mwa notisi imalowa.

Pomaliza, ikani supa mu koteshoni. Ola la $30 limakudyerani $33.60 musanaike inshuwalansi ya ngozi za pa ntchito ndi tchuthi. Ola la waganyu la $37.50 ndi $42. Ola la ovataimu la $45 likhala $45, chifukwa supa palibe. Amene amapereka mtengo kwa kasitomala powerengera $30 yokha, supa ya antchito ake amailipira ndi phindu lake.

Amene muli ndi mzere wa pa peyisilipi umene ukukuzunguzani, bweretsani dzina la mzerewo ndi awadi imene mukutsata, tiuone limodzi. Dzina la wantchito ndi nambala zake mubise.